Zikumbutso za a Belu

Achimwene anamwalira, koma foni yawo inapitiriza kugwira ntchito.

Anali munthu wosakhulupirira mutu wake. Chilichonse ankachilemba pa kalendala ya pafoni n'kuchiikira belu: kuthirira maluwa, kumeta ndevu, kugula babu la m'bafa. Kukampani yonyamula katundu kumene ankagawa malole anawapatsa dzina loti a Belu, ndipo dzinalo linawatsata mpaka kunyumba. Ine, mchemwali wawo wamng'ono, ankanditcha Mafunso, ati chifukwa ndinabadwa ndikufunsa azamba kuti achita maphunziro anji.

Maliro atatha, alamu anga sanaizimitse foniyo. Anaiika pamwamba pa firiji, chingwe cha moto chili chilumikizire, ndipo ikalira ankapukuta m'manja n'kukawerenga. "Anula zovala, mitambo siidziwika." Ankakaanula. "Tseka zenera la kuchipinda, udzudzu." Ankakatseka. Achimwene ankadzilembera okha zimenezi, ankadzitcha iwe, koma tsopano iwe uja anali atasanduka mkazi wawo. Abale ena ankanong'ona kuti si bwino. Ine sindinkaonapo vuto. Ena amasunga jekete la malemu, alamu anasunga mabelu.

Tsiku lina masana anandiimbira ndili kuntchito.

"Mafunso, ukaweruka udzere kuno. Udzaone foni ya achimwene ako."

"Yafa?"

"Ikanafa bwenzi ndikukuvutitsa?"

Kwathu amakhulupirira kuti aliyense wopita kuyunivesite amakaphunzira mafoni, kaya pepala lake likunena za chiwerengero cha anthu ngati langa. Ndinapita.

Ndinawapeza kukhitchini asanavule yunifolomu yawo ya unamwino, wotchi yaing'ono ikulendewera pachifuwa. Anatsitsa foni pafiriji ndi manja awiri ngati ndi mbale yodzaza madzi, anatsegula loko, kenako pulogalamu ya maimelo.

"Uyang'ane apa. Usalankhule, ungoyang'ana."

Pamwamba panali imelo yatsopano yochokera kwa kasitomala wofunsa za lole yake. Inali ya zilembo zakuda bii, monga imaonekera imelo yosawerengedwa. Tinayang'ana. Firiji inkang'ung'udza. Ndinali pafupi kufunsa kuti tikudikira chiyani pamene zilembo zija zinapepuka zokha, kadontho ka pambali n'kuzimirira. Palibe chala chinakhudza galasi.

"Awerenga," anatero alamu motsitsa mawu. "Akatero amayankha."

Anatsegula bokosi la zotumizidwa. Yankho linalimo kale: lole yanyamuka, ifika mawa. Pansi pake panali dzina la achimwene, udindo wawo, ndi nambala ya foni yomwe inali m'manja mwathuyo.

Sindibisa, ndinachita mantha. Ndimakonda zinthu zozunguza mutu, koma ndimazikonda zikakhala papepala.

"Alamu, zayamba liti zimenezi?"

"Kalekale. Zimenezo sizindivuta ayi. Munthu ankakonda ntchito yake, mlekeni azigwira." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Usandiyang'ane choncho. Ndine namwino ine, ndatseka maso a anthu ambiri ndi dzanja ili. Ndikudziwa kuti wakufa salemba kalata. Chimene ndakuitanira n'chakuti mabelu akutha."

"Akutha bwanji?"

"Limodzilimodzi. Loyamba kusowa linali la m'mawa, lija linkalira ndisanadzuke. Kenako la zovala. Sabata ino la zenera. Ndikatsegula kalendala ndimapeza pamalo pake pali poyera, ngati sipanalembedwepo kanthu. Akundisiya pang'onopang'ono, Mafunso. Koyamba anachoka osatsanzika, ulendo uno akuchita kulongedza ndikuona."

Ndinakhala pampando n'kuitenga foniyo. Pulogalamu ya maimelo inali pa bokosi lophatikiza, limene limasonyeza makalata onse pamodzi posatengera kuti abwera ku adiresi iti. Ndinadina kachizindikiro kozungulira pakona. Panatuluka maakaunti awiri: yawoyawo ya achimwene, imene anatsegula ali kusekondale ndi dzina lochititsa manyazi, ndi ya kukampani.

Ndinalowa mu yawoyawo. Munali mulu wa zotsatsa malonda, zonse zakuda bii, palibe anazikhudza chimwalirire mwiniwake. Ndinalowa mu ya kuntchito. Zonse zowerengedwa, zambiri zoyankhidwa.

"Mzimu wake ndi wosankha," ndinatero. "Umawerenga za kuofesi zokha. Ndipo taonani nthawi za mayankhowa, usiku umaweruka."

Alamu sanaseke.

Kenako ndinatsegula kalendala. Foni ikakhala ndi maakaunti angapo, akaunti iliyonse imabwera ndi kalendala yake, ndipo foni imazisanjikiza pamodzi, kusiyana kwake mtundu basi. Ya achimwene yawoyawo inali yobiriwira, ya kukampani yofiirira. Ndinayenda mwezi wonse, ndinabwerera chaka chatha. Maluwa, ndevu, babu: zonse zofiirira. Chobiriwira panalibe ndi chimodzi chomwe.

Ndinayamba kuona mmene zinayendera. Tsiku limene achimwene ankaika akaunti ya kuntchito pafoni, italandira adiresi ndi pasiwedi, foni inawafunsa zoti iziyendera limodzi ndi kuofesi: maimelo, manambala a anthu, kalendala. Anasiya zonse zoyatsa. Atalemba msonkhano woyamba pa kalendala yofiirira, foni inatenga imeneyo ngati yachizolowezi, ndipo chilichonse cholembedwa pambuyo pake chinkagwera momwemo. Zaka zonsezi ankasunga banja lawo m'kabati ya abwana osadziwa.

"Alamu, zikumbutsozi sizikhala mufoni muno. Muno timangoona chithunzi chake. Zenizenizo zili kukampani. Kuli munthu kumeneko amene anapatsidwa akaunti ya achimwene kuti makasitomala asasowe woyankha. Akawerenga uko, kuno zimaoneka zowerengedwa. Akafufuta uko, kuno zimafufutika."

Anasisita wotchi ya pachifuwa ndi chala.

"Ndiye kuti pali munthu amene amawerenga zoti mwamuna wanga agule babu."

"Eya."

"N'kumafufuta."

Ndinazimitsa deta ndi netiweki ya m'nyumba pafonipo. "Pakadali pano ndawatsekera m'nyumba. Foni ikapanda kulankhula ndi kuofesi, zimene zatsala zikhala. Mawa tipite."

Kampaniyo inali kuseri kwa bwalo la malole. Tinadutsa pakati pa matayala aatali kuposa ine, n'kukwera masitepe onunkha dizilo. Mlembi wa pakhomo atamva kuti ndi akazi a a Belu anaimirira, anapepesa, kenako anatilozera kachipinda kozizira kwambiri kumene kunkakhala mkulu wa makompyuta. "Funsani a Zimitsani," anatero. Ndinadzamva pambuyo pake kuti dzina lonse ndi Zimitsani-Muyatsenso, chifukwa ndiwo mankhwala awo pa nthenda iliyonse.

Anali bambo wonenepa, wovala juzi pakati pa kutentha. Anamvetsera nkhani yathu akugwedeza mutu, koma nditatchula foni anasiya kugwedeza.

"Foni ya a Belu ikadali yoyaka? Ili ndi akaunti yathu?"

"Ndi iyi," anatero alamu.

"Mayi, mwabwera bwino. Mwabweradi bwino." Anatembenuzira sikirini kwa ife n'kuloza mzere wina. "Makasitomala onse tawauza adiresi yatsopano. Akaunti ya malemu tikuitseka Lachisanu. Ndiye lamulo la pano ndi lakuti tisanatseke, foni iliyonse imene ili ndi akauntiyo timaitumizira uthenga woti idzipukute."

"Ipukute maimelo a kampani?" ndinafunsa.

"Aaa, chemwali, zikanakhala zamakono bwenzi zili choncho. Zathu pano n'zachikale. Imapukuta zonse. Zithunzi, mauthenga, nyimbo. Imabwerera mmene inatulukira m'katoni."

"Foni yogula ndi ndalama zawo?"

"Anavomera okha. Poika akaunti ya kuntchito pamabwera tsamba lonena kuti kampani ikufuna mphamvu zoyang'anira foniyi, kuphatikizapo kufufuta zonse. Pansi pali batani loti Lolani. Chiyambire ntchito ino sindinaonepo munthu akuwerenga tsamba limenelo. Amadina ngati akupha udzudzu." Anayang'ana alamu n'kutsitsa mawu. "Pepani mayi, pakamwa panga pamathamanga."

Alamu anali ataifumbata foni pachifuwa.

"Ndikangoisiya yosalumikiza? Mmene waichitira Mafunsomu?"

"Uthengawo umadikira. Tsiku lina mwana wa mlendo adzayatsa netiweki kuti aonere mpira, basi zatha. Njira yabwino ndi kuchotsa akaunti yathu inu nomwe, lisanafike Lachisanu. Ikachoka, mphamvu zathu zachoka, sitingaikhudzenso."

"Ndiye chotsani."

"Alamu, dikirani," ndinatero. "Akaunti ikachoka imanyamula zake zonse. Kalendala yofiirira ipita nayo."

Anandiyang'ana, anayang'ana a Zimitsani. "Ndiye mukundiuza kuti ndisankhe. Zithunzi kapena mabelu."

"Ayi, pali mpata," ndinatero, ndikuganiza mokweza monga ndimachitira. "Chikumbutso chilichonse chikhoza kusamutsidwa. Kuchitsegula, kusintha kalendala kuchoka pa yofiirira kupita pa yobiriwira, kusunga. Chimodzichimodzi. Zikakhala mu akaunti yawoyawo, kampani ilibe nazo gawo. Koma zimene zinafufutidwa kale..."

"Zimenezo mufunse amene anazifufuta," anatero a Zimitsani akuimirira. "Koma mumugwire bwino. Mwezi uno wapempha kusintha desiki kawiri."

Desiki la achimwene linali pafupi ndi zenera loyang'ana pabwalo. Pakhoma panali mapu a misewu, ndipo pampando panali mayi wachitsikana, wamng'ono kwa ine mwina, atavala mahedifoni. A Zimitsani atamuuza kuti awa ndi akazi a a Belu, anavula mahedifoni pang'onopang'ono ngati wauzidwa kuti apolisi afika.

"Ndinu mumafufuta?" anafunsa alamu. Sanakweze mawu.

"Mayi, ndikhululukireni. Sindinkadziwa kuti zimafika kwa munthu." Anaika mahedifoni padesiki. "Ine anangondipatsa akauntiyi kuti ndiziyankha makasitomala. Tsiku loyamba ndangokhala pansi, pasikirini patulukira, anula zovala. Ndinaseka. Koma tsiku lililonse, mayi. Uli pakati polankhula ndi dalaivala, pa mpando wa munthu womwalira, n'kumakuuza kuti tseka zenera. Ndinayamba kutsekadi. Kunyumba kwanga ndinagula babu ndisanaone n'komwe ngati lapsa. Kenako maimelo ena ndinkawapeza owerengedwa kale ine ndisanawatsegule."

"Ameneyo ndinali ine," anatero alamu.

"Ndiye tsiku lina..." Analoza pasikirini. "Tsiku lina panatulukira chatsopano. Sichinalipo dzulo lake. Chinangoti, ndinu kodi?"

Ndinatembenukira kwa alamu. Ankayang'ana mapu a pakhoma.

"Ndinalemba pa kalendala," anatero. "Ndinaona makalata akuyankhidwa, ndiye ndinati ndifunse. Munthu sufunsa?"

"Ine ndinathawira kuchimbudzi," anatero mtsikana uja. "Nditabwerako ndinayamba kufufuta kwenikweni. Poyamba ndinkachotsa apa ndi apo."

A Zimitsani anatsokomola. "Ndiye kuti mwezi wonsewu mizimu iwiri imaopsezana, wina kukhitchini wina kuofesi, ine ndikuitanidwa kudzazimitsa kompyuta."

Mtsikana uja anaseka, kenako kusekako kunasanduka kulira, ndipo alamu, amene ntchito yawo ndi imeneyo, anamugwira paphewa mpaka anatonthola.

Zofufutidwa zinali m'bokosi la zinyalala la akauntiyo. Mtsikana uja anazibwezera pa kalendala pakompyuta yake, ine ndinayatsa deta, ndipo tinaziona zikubwerera pafoni chimodzichimodzi: zovala, zenera, ndi zina. La m'mawa lija silinabwere. Linali loyamba kufufutidwa, bokosilo mtsikana uja anali atalikhuthulapo kamodzi, ndipo a Zimitsani atafufuza kwawo anapeza kuti nthawi imene makompyuta a kampani amasunga zotayidwa inadutsa.

"Linkati chiyani?" ndinafunsa. "Tikhoza kulilembanso."

Alamu anayang'ana pafoni. "Linali la ketulo. Loti aike madzi ndisanadzuke. Koma mmene analilembera... panali kamawu kena kake." Anayang'ana mtsikana uja.

"Ndinkangotseka msanga, mayi. Sindinkafuna kuwerenga."

"Lisiye," anatero alamu. "Ukalemba iwe likhala lako."

Anatipatsa mipando iwiri pakona, pafupi ndi makina a madzi akumwa. Ine ndinkagwira foni, alamu ankawerenga n'kunena choti ndichite. Misonkhano ya madalaivala tinaisiya. Za kunyumba ndinkatsegula, kusintha mtundu, kusunga. Zobwerezabwereza foni inkafunsa ngati ndikusintha tsiku limodzi kapena onse, ndipo ndinkayankha kuti onse. Chilichonse chikasanduka chobiriwira, pasikirini ya mtsikana uja chinkazimirira, ndipo ndinkamuona mapewa ake akutsika pang'onopang'ono.

Zina alamu anali asanazionepo, chifukwa zinkalira kamodzi pachaka kapena pa nthawi imene iwo ali kuchipatala. "Akachokera ku ntchito ya usiku usamufunse kanthu asanavule nsapato." "Mwezi uno ndi umene anamwalira bambo ake, usadabwe akakhala chete." "Yamikira tsitsi, ngakhale usaone kusintha."

"Wakuba," anatero alamu. "Ine kumauza anzanga kuti ndinakwatiwa ndi mwamuna wozindikira. Kani amachita kuuzidwa ndi foni."

"Tichisiye chimenechi?"

"Samutsa."

Chapafupi ndi kumapeto tinapeza cha Lamlungu masana. Ndinachiwerenga ndisanazindikire kuti ndikuwerenga mokweza. "Muimbire Mafunso. Iye sayamba kuimba."

Lamlungu lililonse achimwene ankandiimbira, kundifunsa ngati ndadya, n'kundiuza nkhani za malole zimene sindinapemphe. Ndinkayankha ndikuchita zina. Chimwalirire iwo ndinkadabwa kuti Lamlungu latalika bwanji, koma sindinafufuze, ine wofufuza chilichonse. Pansi pa chikumbutsocho panalembedwa kuti chibwerezedwe sabata iliyonse. Pa malo a tsiku lothera panali mawu oti palibe.

"Limeneli limalira ndili kutchalitchi kapena kuntchito," anatero alamu. "Ndikabwera ndimangolitseka. Ndinkaona ngati si langa."

"Ichi chilibe ntchito tsopano," ndinatero.

"Ndani wakufunsa? Samutsa."

Ndinasamutsa.

Manambala a abale amene anagweranso mu akaunti ya kampani tinawakopera ku yawoyawo. A Zimitsani anatsegula akaunti yobiriwirayo pakompyuta ina, alamu atalemba pasiwedi imene achimwene ankagwiritsa ntchito paliponse, kuti titsimikize kuti zonse zafikadi. Zinalimo. Kenako ndinalowa m'makonzedwe a foni, pa mndandanda wa maakaunti, ndinasankha ya kuntchito. Foni inachenjeza kuti kuchotsa akauntiyi kufufuta mufoni maimelo ake, manambala ake ndi zina zonse za mmenemo. Ndinawapatsa alamu.

Chala chawo chinaima pamwamba pa galasi. Imelo yatsopano inali itangolowa, yakuda bii. Anaidikira. Kumbali ina ya chipindacho mtsikana uja, amene sankadziwa kuti tikumuona, anadina pakompyuta yake, ndipo zilembo zinapepuka komaliza.

"Mwaweruka, bambo," anatero alamu, n'kudina.

Foni inaganiza pang'ono. Bokosi lophatikiza linatsala ndi zotsatsa malonda zokhazokha, mulu wosawerengedwa umene sudzawerengedwa. A Zimitsani anachotsa foniyo pa mndandanda wawo ife tikuona, kenako anatiperekeza mpaka pamasitepe, zimene mlembi wa pakhomo anati sanazionepo.

Alamu anaibwezera foniyo pamwamba pa firiji. Ndinawauza kuti tsopano akhoza kuika akaunti yobiriwirayo pafoni yawo, mabelu azilira m'thumba mwawo kulikonse. Anakana. Ati munthu amafuna malo amodzi opitako akaitanidwa.

Lamlungu lotsatira ndinali m'chipinda changa ndikusita zovala za sabata. Sindinayang'ane wotchi, kapena ndinene kuti ndinaiyang'ana n'kudziuza kuti sindinaiyang'ane. Foni yanga inalira pabedi. Pagalasi panali dzina limene sindinalifufute: Achimwene.

Ndinasiya simbi ili chiimire. Inalira kachitatu ndisanaigwire.

Kumbali inayo kunali chete, kupatula kung'ung'udza kwa firiji.

"Belu lalira," anatero alamu. "Wadya?"